Foni ya Namwino Ilire Liti pa Naiti?

Ana anga amene mwangoyamba kumene ntchito ya unamwino ndipo mwalowa kale m'ndandanda wa naiti, m'thumba la yunifolomu yanu muli chipangizo chimene chimagwira ntchito zinayi usiku umodzi. Magetsi akathima foniyo ndiyo tochi, powerenga kupuma kwa mwana ndiyo wotchi, powerengera mlingo wa mankhwala ndiyo kalikuleta, ndipo wodwala akasinthika ndi foni yomweyo imene mumaimbira dokotala amene ali pa kolo. N'chifukwa chake amene amangolamula kuti foni izitsala m'chikwama sindigwirizana nawo, pakuti wodi ya usiku sakuidziwa. Koma foni yomweyo imalowetsa m'wodimo gulupu ya kumpingo, gulupu ya banki m'khonde, anzanu a kusekondale, amalume ofuna thandizo la feteleza ndi kampani yotsatsa mabandulo, ndipo onsewa amalira ndi liwu limodzi ndi dokotala. Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti kulira kwa foni kuyenera kusungidwira uthenga umene ukufuna inuyo, ukufuna tsopano lino, ndipo pali chimene muchite mukaumva. Uthenga wina uliwonse ufike ndithu, koma ufike mwakachetechete, udikire kufikira inuyo mutaupita nokha pa nthawi imene mwasankha.

Tiyambe ndi mtengo wa kudodometsedwa, chifukwa achinyamata ambiri amauchepetsa. Namwino akamawerenga kupuma kwa mwana wa miyezi 8 amene akumuganizira chibayo, amayenera kuwerenga mphindi yathunthu, maso ali pachifuwa cha mwanayo, ndipo malire ake ndi 50. Kupuma ka 47 ndi kupuma ka 53 kumaoneka chimodzimodzi ndi maso, koma chiganizo cha chithandizo chimasiyana. Foni ili m'dzanja ngati wotchi. Pa sekondi ya 35 kachikwangwani ka uthenga katsika pamwamba pa sikirini, maso apita pamenepo, ndipo akabwerera pachifuwa munthu sakudziwanso ngati anali pa 28 kapena pa 31. Wosamala amayambiranso kuwerenga. Wotopa, nthawi ili 3 koloko m'bandakucha, amangopitiriza ndi nambala imene ikumveka ngati yoona. Uthengawo sanautsegule n'komwe, komabe chiwerengero cholembedwa pa fayilo sichilinso chenicheni.

Zimenezi akatswiri anaziyeza. Erik Altmann wa ku Michigan State University ndi anzake anapatsa anthu ntchito yotsata ndondomeko, chinthu ichi kenako icho, n'kumawadodometsa mwadzidzidzi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Kudodometsa kwa masekondi osakwana atatu kunachulukitsa kawiri kulakwitsa ndondomekoyo: kudumpha sitepe kapena kuibwereza. Ntchito yathu yambiri ndi yamtundu umenewu, monga kuona dzina la wodwala, kuona mankhwala, kuona mlingo, kupereka, kulemba. Ku Sydney, m'dziko la Australia, Johanna Westbrook ndi gulu lake anatsatira anamwino 98 m'zipatala ziwiri pamene ankakonza ndi kupereka mankhwala maulendo oposa 4,000. Lipoti lawo la mu 2010 linaonetsa kuti kudodometsedwa kulikonse kumakweza kulakwitsa ndi pafupifupi 12 pa 100, ndipo namwino akadodometsedwa kanayi pa mankhwala amodzi, chiopsezo cha cholakwa chachikulu chinkawirikiza kawiri. Wina anena kuti ku Sydney ankawadodometsa ndi anthu, osati mafoni, ndipo n'zoona kuti kafukufukuyo sankayang'ana foni payokha. Koma ubongo susankha kuti chandichotsa pa mzere ndi gadiyani kapena ndi WhatsApp. Kusiyana kwake n'kwakuti gadiyani wobwera kudzanena kuti diripi yatha simungamutseke pakamwa, ndipo simuyenera kutero, pamene gulupu ya anzanu a kusekondale ili m'manja mwanu.

Musadzinamizenso kuti kuika foni pongonjenjemera kwathetsa nkhani. Ofufuza a ku Florida State University anaonetsa mu 2015 kuti anthu amene foni zawo zinkalandira uthenga ali pa ntchito yofuna chidwi ankalakwitsa kwambiri ngakhale sanaigwire foniyo. Chimene chimasokoneza ndi funso limene limabadwa mumtima, lakuti ndani ameneyu ndipo akufuna chiyani. Kunjenjemera pa ntchafu kumadzutsa funso lomwelo. Kumathandiza odwala kugona, inde, koma maganizo a namwino sikuwateteza.

Mbali yachiwiri ya vutoli ndi yoopsa koposa, ndipo anthu amaiona mochedwa. Foni ikamalira kawirikawiri pa zinthu zopanda pake, khutu limaphunzira kusailabadira. Kumudzi mfuu imathamangitsa anthu chifukwa imamveka kamodzikamodzi. Pakhomo pamene amakuwa mfuu nkhuku ikangosowa, tsiku limene nyumba idzapse oyandikana nawo adzayamba atsiriza kaye nsima. Pa 24 Julayi 1994 fakitale yoyenga mafuta ya Texaco ku Milford Haven, m'dziko la Wales, inaphulika ndipo anthu 26 anavulala. Ofufuza za ngoziyo anapeza kuti m'mphindi 11 zomaliza, anthu awiri amene ankayang'anira makina analandira maalamu 275. Uthenga wofunika unalipo, koma unamira mu unzake, ndipo ambiri mwa maalamuwo anali ataikidwa pa mulingo wapamwamba ngati kuti onse ndi ofanana. Patapita zaka zisanu kunatuluka buku la malangizo lotchedwa EEMUA 191, limene mafakitale ambiri amatsatira. Limati zinthu zikamayenda bwino, woyang'anira makina asamalandire alamu yoposa imodzi pa mphindi 10, ndiponso kuti mwa maalamu 100, pafupifupi 5 okha ndiwo akhale a mulingo wapamwamba, 15 apakati, otsalawo apansi. Inu simuyenga mafuta, koma muyeso umenewu ndi wabwino kuubwereka. Ngati theka la zimene zimafika pa foni yanu limalira ngati zadzidzidzi, ndiye kuti foniyo ilibenso njira yokuuzani kuti ichi chokha ndicho chadzidzidzi.

Tsono ntchito imayambira pa kuwerenga, musanakhudze batani lililonse. Mafoni a Android kuyambira pa mtundu wa 11 ali ndi malo otchedwa `Notification history`, amene mukawatsegula amasunga zidziwitso za maola 24 apitawo. Atseguleni musanalowe naiti, ndipo m'mawa mukaweruka muyang'ane zimene zinafika. Tiyerekeze kuti namwino wa m'wodi ya ana wapezamo zidziwitso 60. Zochuluka zachokera m'magulupu anayi kapena asanu a WhatsApp, zina ndi za kampani ya foni ndi za Facebook, zingapo ndi za achibale, ndipo zokhudza odwala a usiku umenewo ndi zitatu: dokotala anaimba kusintha mlingo wa mankhwala a mwana wa pa bedi 6, a ku labu anadziwitsa kuti magazi akonzeka, ndipo a inchaji analemba kuti wobwera m'mawa achedwa. Pa chilichonse adzifunse kuti, ndikanachiona patapita maola awiri, akanavutika ndani? Pa dokotala ndi pa magazi yankho ndi lakuti mwana akanavutika. Pa uthenga wa a inchaji palibe akanavutika, bola auone kusanache. Pa zina 57 zija palibe ndi mmodzi yemwe. Magulu atatu atuluka okha pamenepo: zolira, zodikira kuonedwa usiku womwewo, ndi zodikira mpaka mutaweruka.

Gulu loyamba muliteteze ndi `Do Not Disturb`. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kutseka zonse, koma phindu lake lenileni lili m'ndandanda wa zimene mwalola kudutsa. Pa Android, pa gawo la mafoni oimba, mungasankhe `Starred contacts`, kutanthauza anthu okhawo amene mwawaika kanyenyezi. Pa Samsung amawatcha okondedwa, ndipo pa iPhone zonsezi zili pansi pa `Focus`. Namwino wathu uja aike kanyenyezi pa manambala a madokotala a pa kolo, a ku labu, a ku fiyeta, a inchaji, woyendetsa ambulansi, ndi munthu mmodzi wa kunyumba. Pali mbuna ziwiri apa. Yoyamba, nambala yosungidwa pa simu khadi kawirikawiri silola kanyenyezi, choncho isamutsireni kaye mufoni. Yachiwiri, ndandanda wa pa kolo umasintha, ndipo dokotala watsopano akhoza kuimba ndi nambala imene mulibe. Chotchinjiriza chake ndi `Allow repeat callers`, chimene pa Android chimalola foni kulira ngati nambala yomweyo yaimbanso mkati mwa mphindi 15. Pa iPhone malire ake ndi mphindi 3. Koma kunena zoona, kumene manambala oimba amasinthasintha, ine ndingakulangizeni kulola mafoni onse oimba kuti azidutsa, n'kutseka mauthenga olemba okha. Oimba pakati pa usiku ndi ochepa, ndipo kuyankha nambala yolakwika kamodzi n'kopepuka kusiyana ndi kuphonya a ku labu.

Gulu lachiwiri ndi lachitatu ndi la WhatsApp makamaka, ndipo pamafunika kuleza mtima. Kuyambira pa Android 8, ya mu 2017, pulogalamu imodzi imatha kukhala ndi njira zingapo za zidziwitso, iliyonse ndi kaliridwe kake. Mukadina chidziwitso n'kugwiritsitsa chala, foni imakupatsani mwayi wochiika pa `Silent`, ndipo mungatero ndi mauthenga a m'magulupu popanda kukhudza mafoni oimba a pa WhatsApp. M'kati mwa WhatsApp momwemo zimitsani `Use high priority notifications`, pakuti ndicho chimatsitsa kachikwangwani kaja pamwamba pa kalikuleta yanu, ndipo zimitsaninso `Reaction notifications`, kuti foni isamakuitaneni chifukwa wina waika kachala pa uthenga wanu. Potseka gulupu pakamwa WhatsApp imakupatsani `8 hours`, `1 week` kapena `Always`. Samalani ndi yoyambayo. Naiti imapitirira maola 8, ndiye amene watseka gulupu nthawi ya 6 koloko madzulo adzaimva ikudzuka 2 koloko usiku, nthawi imene maso alemera ndipo ana ena akuyenera kulandira jakisoni. Magulupu a kumpingo, a banki m'khonde ndi a anzanu muwaike pa `Always`, pakuti mudzawawerengabe mukafuna. Dziwaninso kuti gulupu yotsekedwa pakamwa imakudziwitsanibe wina akakutchulani ndi chizindikiro cha @ kapena akayankha uthenga wanu mwachindunji. Ichi n'chothandiza pa gulupu ya kuntchito, chifukwa chimasiyanitsa zolembera inuyo ndi zolembera aliyense. Ndipo popeza mayina a odwala amalembedwa m'magulupu oterewa, bisani zolembedwa kuti zisamaoneke pa sikirini yokhoma. Gadiyani woima pambali panu amadziwa kuwerenga.

Kudikiritsa uthenga kuli ndi ngongole yake, ndipo amene saibweza amaipitsa dzina la njira yonseyi. Mukautseka pakamwa, mwalonjeza kuti mudzaupita nokha. Sankhani nthawi zitatu kapena zinayi zimene ntchito yokha imapuma: mukamaliza kulandira wodi ndi kuzungulira koyamba, mukamaliza kupereka mankhwala a usiku, pa kapu ya tiyi ya pakati pa usiku, ndi musanayambe za m'mawa. Pa nthawi zimenezo tsegulani gulupu ya kuntchito ndi mauthenga a kunyumba, muyankhe zoyenera kuyankha, foni ibwerere m'thumba. Palinso nthawi zimene ngakhale foni yoimba iyenera kudikira masekondi angapo kuti mutsirize chimene chili m'manja: pokoka mankhwala mu sirinji, powerenga madontho a diripi kapena kupuma, ndi pofananitsa dzina ndi nambala ya pa thumba la magazi ndi za wodwala. Ngati mwakakamizika kusiya pakati, musapitirize pamene mukuganiza kuti munalekera. Yambiraninso pa sitepe yoyamba, ndipo muzilemba pa fayilo mukangopereka mankhwala a wodwala aliyense, osati pamapeto pa mzere wonse, kuti pepala lizikumbukira m'malo mwa mutu wotopa.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima: bwanji mwana wanga akadwala kunyumba, kapena kukagwa zovuta kumudzi, ine foni nditaitseka? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo amene amaliyankha ndi mawu akuti ntchito ndi ntchito sanasiyepo mwana wotentha thupi m'manja mwa mlongo wake. Koma taonani kuti foni yolira chilichonse sikuthandizani pa tsiku limenelo. Uthenga wa kunyumba umafika pakati pa mavidiyo ndi mapemphero a m'magulupu, ndi liwu lomwelo limene mwazolowera kulinyalanyaza. Njira yotetezeka ndi kupangana ndi munthu mmodzi wa pakhomo, amuna anu, mayi anu kapena mchemwali, kuti iyeyo ndiye khomo la nkhani zonse zadzidzidzi. Mumuuze momveka kuti, zikavuta imbani, musalembe. Ndikapanda kuyankha imbaninso pompo. Nambala yake muipatse kanyenyezi ndi nyimbo yakeyake, kuti mudziwe ndi khutu lokha kuti ndi kunyumba. Ngakhale alibe mayunitsi, kufulasha kawiri kumadutsa. Namwino amene akudziwa kuti nkhani ya mwana wake singamuphonye amasiya kusuzumira pa foni mphindi iliyonse, ndipo ndi pamenepo pamene amayamba kuona odwala ake bwino.

Ena amagwera mbali ina, n'kumati ngati zili choncho bwanji osangozimitsa zonse, mtima ukhale pansi. Izinso zinayesedwa. M'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019, Nicholas Fitz ndi anzake anagawa anthu 237 m'magulu: ena ankalandira zidziwitso mwa nthawi zonse, ena zinkawafikira zitasonkhanitsidwa katatu pa tsiku, ena sankalandira konse. Olandira katatu pa tsiku ndiwo ananena kuti chidwi chawo chinali bwino ndipo kupanikizika kunachepa, pamene osalandira konse anali ndi nkhawa yochuluka, poopa kuti pali chimene akuphonya. Anthuwo sanali anamwino, ndipo zinali zongodzinenera okha mmene akumvera, choncho tisazikweze kuposa msinkhu wake. Komabe zikugwirizana ndi chimene nzeru wamba imanena: munthu amene watseka makomo onse amayamba kutulutsa foni yekha kuti aone, ndipo kudzidodometsa wekha n'kudodometsedwa ndithu. Pa naiti vutoli limakula, chifukwa namwino wosapezeka pa foni waika pangozi wodwala amene dokotala akumufunira.

Chotsutsa champhamvu koposa n'chakuti masetingi a foni yanu sangasinthe khalidwe la anthu ena. Ngati akuluakulu anu amalemba malamulo adzidzidzi mu gulupu momwe mumalembedwanso za maliro, za zopereka ndi za tsiku lobadwa la mnzanu, ndiye kuti mukatseka gulupuyo muphonya lamulo, mukaitsegula mumira. Pano foni payokha ilibe yankho, ndipo ndikuvomereza. Yankho lili pa msonkhano wa wodi, pamene ngakhale wamng'ono pa ntchito angapemphe mwaulemu kuti pakhale pangano: nkhani yofuna kuchitidwa mkati mwa ola ikhale yoimba, yofunika usiku womwewo ilembedwe ndi kutchula dzina la munthu, ndipo zocheza zikhale ndi gulupu yakeyake. Chifukwa chake sichovuta kufotokozera a inchaji. Uthenga wolemba umadalira bandulo, netiweki ndi batire ya wolandira. Kachongi kamodzi kotuwa kakutanthauza kuti sunafike, tiwiri totuwa tikutanthauza kuti wafika pa foni koma sitikutsimikiza kuti munthu wauona, ndipo ngakhale tiwiri ta buluu sitikunena kuti wamvetsa kapena wachitapo kanthu. Pa foni yoimba wolandira amabwereza zimene wamva, dzina la mwana, mankhwala ndi mlingo, ndipo woimbayo amatsimikiza. Lamulo la mankhwala loponyedwa mu gulupu usiku limapeputsa mtima wa wolemba yekha, pamene mwana wa pa bedi 6 akadali pa mlingo wakale.

Mfundo yomweyi imagwira pa makina a pambali pa bedi, ngakhale pamenepo dzanja lanu liyenera kukhala lofupika. M'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2014, Barbara Drew wa ku University of California, San Francisco anawerenga maalamu a m'mawodi asanu a odwala kayakaya kwa masiku 31. Anapeza maalamu oposa 2.5 miliyoni pa odwala 461, ndipo omveka ndi khutu anali pafupifupi 187 pa bedi lililonse tsiku lililonse. Mwa maalamu a kagundidwe ka mtima amene anawaunika mmodzimmodzi, pafupifupi 89 pa 100 anali abodza. Wodi ya kuno imene ili ndi makina awiri kapena atatu oyeza okosijeni m'magazi singafike pa manambala amenewo, koma chiyeso chake n'chomwecho: kachipangizo ka pachala cha mwana kamasuka akamaponda miyendo, makina alira kachisanu, ndipo kachisanu ndi chimodzi dzanja limafuna kutsitsa voliyumu. Musatero. Pitani mukaone mwanayo poyamba, kenako kachipangizoko: kakhala bwino, dzanja silinazizire, mzere wa pa sikirini ukuyenda mofanana ndi kugunda kwa mtima? Ngati mukufuna bata pamene mukukonza, gwiritsani batani loimitsa alamu kwa kanthawi, limene limadzitsegulanso lokha, osati lozimitsiratu. Malire a alamu angasinthidwe ndithu kuti agwirizane ndi wodwala. Munthu wamkulu wa matenda okhalitsa a m'mapapo, amene dokotala akufuna akhale pakati pa 88 ndi 92, adzaliza makina oikidwa pa 94 usiku wonse popanda chifukwa. Koma kusinthako achite kapena avomereze ndi dokotala, kulembedwe pa fayilo, ndipo kunenedwe posiyirana wodi. Foni ndi yanu, mungaikonze nokha. Makina aja ndi a wodwala ndi a onse amene adzabwere pambuyo panu.

Mukamaliza kukonza foni musakhulupirire kuti zatheka musanayese, chifukwa mafoni amasiyana ndipo mayina a masetingi amasintha ndi mtundu wa foni. Tengani mnzanu mmodzi masana, mutsegule `Do Not Disturb`, ndipo akuimbireni ndi nambala ya kanyenyezi, kenako ndi nambala imene mulibe kawiri motsatizana, kenako pa WhatsApp. Yesero lachitatuli ndi lofunika, pakuti pa mafoni ena kanyenyezi kamagwira pa kuimba kwa pa laini kokha, ndipo dokotala woimba pa WhatsApp amatsekeredwa kunja. Yesaninso alamu ya wotchi ngati mumaidalira pokumbukira jakisoni wa pakati pa usiku. Kenako yang'anani za batire. Mafoni ambiri, kuphatikizapo otsika mtengo amene ambiri a ife tili nawo, amagoneka mapulogalamu pofuna kusunga moto, makamaka batire ikatsika ndipo `Battery saver` yadzitsegula. Chizindikiro chake n'chodziwika: foni imakhala chete kwa maola, ndiyeno mukangotsegula WhatsApp mauthenga amakhuthuka onse pamodzi, ena olembedwa kalekale. Mukaona zimenezi lolani WhatsApp kugwira ntchito mosaletsedwa pa masetingi a batire, ndipo muzilowa naiti foni ili yodzaza.

Pali zizindikiro zokuuzani ngati mwakhwimitsa kwambiri kapena mwalekerera. Ngati mnzanu wabwera wapansi kuchokera ku labu kudzanena kuti takhala tikukuimbirani, kapena m'mawa mwapeza foni yophonyedwa ya nambala ya kuntchito, mwatseka mopitirira, ndipo nambala imeneyo ilowe m'ndandanda tsiku lomwelo. Ngati foni yalira ndipo mwaitulutsa n'kuibweza osachitapo kanthu, chimene chaliracho chitsike ku gulu la zodikira. Kuyang'ana kotereku kuzichitika pakatha sabata iliyonse ya naiti, chifukwa magulupu atsopano amabadwa, mapulogalamu atsopano amabwera ndi zidziwitso zonse zili zotsegula, ndipo madokotala ophunzira ntchito amasinthana mawodi.

Mbuna yotsiriza ndi ya anthu a mashifiti okha. Mafoni anapangidwa poganizira munthu wogona usiku n'kugwira ntchito masana, ndiye ndandanda wa `Do Not Disturb` wodzitsegula wokha kawirikawiri umayamba cha m'ma 10 koloko usiku n'kutha m'mawa. Namwino amene anaukonza mwamphamvu ali pa shifiti ya masana kuti azigona bwino, akasamukira pa naiti n'kuiwala, foni yake idzakhala chete pa maola enieni amene akufunika. Choncho musamangirire masetingi pa ola la wotchi. Amangirireni pa zimene mukuchita. Mafoni a iPhone ndi a Android atsopano amalola kusunga makonzedwe angapo, ndiye mukhale ndi awiri, a kuntchito ndi a kugona, n'kumasintha ndi dzanja polowa m'wodi ndi pofika kunyumba. A kugonawo ndi okhwima kuposa a kuntchito: adutse munthu mmodzi uja wa pakhomo, sukulu ya mwana, a inchaji ngati muli pa kolo, ndi alamu yokudzutsani basi. Tulo ta masana n'topepuka kale chifukwa cha kutentha, kuwala ndi phokoso la pakhomo, ndipo tikadukadukanso ndi mauthenga a m'magulupu, amene amachuluka masana, namwinoyo adzabwerera m'wodi madzulo ndi mutu umene ungasokonezeke ndi kanthu kakang'ono. Ngati foni yanu ili ndi makonzedwe amodzi okha, sinthani ndandanda wa ololedwa pa tsiku loyamba la sabata ya naiti, ndipo muubwezeretse pa tsiku limene mwabwerera ku shifiti ya masana.